Lipoti limodzi, makope awiri: momwe ndinawalumikizira osataya kalikonse

Lipotilo linali la masamba 42, lofotokoza maphunziro amene tinachititsa chaka chonse, ndipo tinagawana ntchito yolikonza anthu awiri, ine ndi mnzanga. Cholakwika chinachitika tsiku loyamba lomwelo. Aliyense anatenga kope lake n'kumakakonza payekha kwa milungu iwiri, ndipo palibe amene anatsegula Track Changes, chida cha mu Word chimene chimaonetsa chilichonse chimene munthu wasintha. Tsiku lokumana, langa linali ndi masamba 44, la mnzangayo 39. Iye anali atasinthanso zilembo, kuchepetsa mipata ya m'mbali mwa tsamba, komanso kusamutsa ndime zingapo.

Ndinathamangira mu Word, pa Review, n'kudina Compare, n'kuika langa mbali ina, lake mbali inayo. Chimene chinatuluka chinali chofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, zosintha zoposa 900. Kuchulukako sikunandidetse nkhawa kwambiri. Chinandiimitsa ndi ndime ina ya patsamba 12, imene inali m'kope langa koma m'kope lake munalibe. Word inaionetsa ngati yafufutidwa. Koma kodi anaifufutadi iye, kapena ndinaiwonjezera ndine, iye n'kukhala kuti sanaionepo n'komwe? Makope awiri okha sangayankhe funso limeneli. Amangokuuzani kuti apa pakusiyana, osati amene anasinthapo. Ngati anachotsa dala, kuibwezera n'kumuphera ntchito. Ngati ndinalemba ndine, kuvomereza kuti ichoke n'kudziphera ndekha.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti pakufunika kope lachitatu, lija tonse tinayambira. Ndinalipeza mu imelo imene anatitumizira poyamba. Ndinapanga foda yatsopano, n'kuikamo makope a mafayilo atatuwo, n'kuwatcha `chiyambi.docx`, `langa.docx` ndi `lake.docx`. Enieniwo sindinawakhudzenso.

Ndiye ndinayambiranso, koma ulendo uno ndinafananiza kawiri. Koyamba, pa Original document ndinaika `chiyambi.docx`, pa Revised document `langa.docx`, ndipo pabokosi la Label changes with ndinalemba dzina langa. Musanadine OK, tsegulani More, chifukwa zofunika zabisala pamenepo. Ndinachotsa chizindikiro pa Formatting ndi pa White space, n'kusiya Moves, Tables, Comments, Headers and footers ndi Footnotes and endnotes. Pa Show changes at ndinasankha Word level. Character level imadula mawu pakati, moti "anapita" akasanduka "adapita" mumangoona kachilembo kamodzi kofiira kovuta kukapeza, pomwe ine ndimafuna kuona liwu lonse. Pa Show changes in ndinasankha Original document, kuti zosinthazo zigwere pa maonekedwe a kope loyambalo. Ndinasunga chotulukacho ndi Save As, dzina latsopano. Kachiwiri ndinachita chimodzimodzi ndi `lake.docx`, n'kulembapo dzina la mnzangayo.

Zosintha 900 zija zinatsika. Zanga zinali 130, zake 170. Zambiri zotsalazo zinali phokoso chabe la zilembo ndi mipata. Ndime ya patsamba 12 ija inapezeka kuti inalimo kale m'kope loyamba, kutanthauza kuti mnzangayo anaichotsa yekha.

Tsopano ndinali ndi mafayilo awiri okhala ndi maziko amodzi, lililonse likuonetsa zosintha za munthu mmodzi. Awa ndi amene Combine imawafuna. Ili pabatani lomwelo la Compare, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti Compare imatenga zosintha zolembedwa kale ngati zavomerezedwa n'kuika kusiyana konse pa dzina limodzi, pomwe Combine imasunga zosintha za aliyense ndi dzina lake. Ngati maonekedwe a mafayilowo akusiyana, imakufunsani kuti musunge a fayilo iti, popeza singasunge onse awiri. Sankhani limodzi osadandaula, za maonekedwe tizifika.

Chotuluka chinali ndi mitundu iwiri, wanga ndi wake. Pa Show Markup, pansi pa Specific People, mukhoza kuonetsa za munthu mmodzi yekha, ndipo ndinagwiritsa ntchito zimenezi kuti ndithane msanga ndi zosavuta: mawu olembedwa molakwika, mipumiro, ziganizo zimene mmodzi yekha anazikhudza. Batani la Accept All sindinaliyandikire. Ndinkayenda chimodzichimodzi ndi Next, ndipo zoposa 250 zinatha m'maola awiri. Ndime zosamutsidwa Word imazilemba ndi mtundu wobiriwira, mizere iwiri yodutsa pakati pamene zachoka ndi mizere iwiri kunsi pamene zafika, koma si nthawi zonse imazizindikira. Ndime ikasamutsidwa n'kukonzedwanso kwambiri, imaoneka ngati yafufutidwa uku ndipo kwabwera yatsopano uko. Ukakana kufufutako n'kuvomereza yatsopanoyo, ndimeyo imakhalamo kawiri. Zinandichitikira kamodzi, ndipo ndinazigwira pokopera mawu asanu a m'ndimemo n'kuwasaka ndi Ctrl+F.

Malo amene tonse awiri tinakhudza chiganizo chimodzi analipo 11. Apa makina alibe nzeru, amangosanjikiza mawu anga ndi ake pamodzi, ndipo ukavomereza zonse umapeza chiganizo chopanda mutu. Chitsanzo chimodzi: kope loyamba linkati "Maphunziro anachitika masiku atatu." Ine ndinasintha kukhala "masiku anayi", iye "masiku atatu ndi theka". Kusankha apa si nkhani ya amene walemba bwino, ndi nkhani ya chimene chinachitikadi. Ndinatsegula ndandanda ya maphunzirowo, n'kupeza kuti tsiku lachinayi tinaweruka masana. Zake zinali zolondola.

Pamalo 11 amenewa sindinafune kugamula ndekha, choncho ndinalemba katebulo kapadera: tsamba, mawu oyamba, anga, ake, chimene tasankha, ndi chifukwa chake m'mawu ochepa. Asanu ndi awiri ndinawathetsa ndi umboni wa m'mapepala. Anayi otsala ndinamuimbira foni.

"Achimwene, ndime ya patsamba 12 ija munaichotseranji?"

"Ikubwereza zimene zili kumapeto, m'mutu wachisanu. Kawerengeni mukaone."

Ankanena zoona, koma pang'ono. M'ndimemo ndinali nditawonjezeramo chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chimene gulu lachiwiri linayambira mochedwa, ndipo chimenechi sichinali kwina kulikonse. Tinagwirizana kuti ndime ichoke, chiganizocho chipite ku mutu wachisanu. Dakika khumi zokha pafoni, pomwe pa imelo tikanakankhana masiku awiri.

Koma vuto limene linatsala pang'ono kundipulumuka silinali pamalo 11 amenewa. Mnzangayo anakonza tebulo la patsamba 20, chiwerengero cha ophunzira n'kuchoka pa 148 kufika pa 153, chifukwa anapeza fomu imene sinawerengedwe. Ine, patsamba 3, ndinalemba chiganizo chatsopano chakuti "ophunzira 148 anamaliza". Zosintha ziwirizi zili pamasamba otalikirana, palibe pamene zikugundana, ndiye Word inaziona ngati zabwinobwino ndipo ine ndinavomereza zonse. Lipoti linayamba kudzitsutsa lokha. Ndinazigwira chifukwa ndinali nditalemba papepala nambala iliyonse imene mmodzi wa ife anasintha, n'kusaka nambala yakaleyo m'lipoti lonse. 148 inapezeka kawiri, kwinako m'mawu a m'munsi mwa tsamba. Mayina a zinthu nawo amachita chimodzimodzi. Iye anasintha "otenga nawo mbali" kukhala "ophunzira" paliponse m'kope lake, koma ndime zanga zatsopano zinabwera ndi mawu akalewo. Replace inathandiza, ngakhale ndinkadina kamodzikamodzi, chifukwa pena mawuwo ankanena za aphunzitsi.

Mawu atakhazikika, ndipo Reviewing Pane itaonetsa kuti zosintha zatsala 0, m'pamene ndinayamba za maonekedwe. Kuyamba nazo msanga n'kutaya nthawi, chifukwa ndime iliyonse yolowa kapena yochoka imagwedeza masamba onse akutsogolo. Ndinadina Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zioneke, ndipo zambiri zinaululika. Mitu ya mnzangayo inkaoneka ngati mitu, koma inali mawu wamba amene anangowakulitsa n'kuwadetsa pamanja. N'chifukwa chake sinkapezeka pa Navigation Pane, ndipo ikanasowanso pa ndandanda ya zam'katimu. Mutu uliwonse ndinaupatsa Heading 1 kapena Heading 2. Pa ndime zimene zinabwera ndi zilembo zachilendo, Ctrl+Space imachotsa zokongoletsa zapamanja pa zilembo, ndipo Ctrl+Q imabwezera mipata ya ndime ku sitayelo yake. Chenjerani ndi Ctrl+Space, imachotsanso mawu opendeketsa amene munawafunadi. Ine inandidyera mayina angapo a mabuku, ndinachita kuwabwezera. Mu Replace, `^p` imaimira mapeto a ndime, choncho mizere yopanda kanthu imene anthu amaika ndi Enter pofuna mpata ndinaisaka ndi `^p^p` n'kuika `^p`, ndipo mpata ndinauika mu sitayelo.

Zimene mnzangayo ankafuna pa zilembo sindinazitaye. Tinagwirizana kukula kwa 11 m'malo mwa 12, ndipo ndinangosintha kamodzi mu sitayelo ya Normal.

Panatsala tebulo lalikulu limene lili patsamba logona cham'mbali. Lili pakati pa ma Section Break awiri, zizindikiro zodula lipoti kukhala magawo, ndipo pophatikiza panabwera lachitatu losafunika. Nditafufuta limene ndinkaganiza kuti ndilo losafunikalo, masamba asanu a m'mbuyo mwake anagona onse. Chifukwa chake n'chakuti chizindikirochi chimasunga maonekedwe a gawo limene lili pamwamba pake, ndiye chikachoka, gawolo limatengera za gawo lotsatira. Ndinabweza ndi Ctrl+Z, n'kufufuta chinacho, choyandikana ndi tebulo, chimene pamwamba pake panalibe mawu. Ndinayang'ananso kukula kwa pepala gawo ndi gawo, ndipo limodzi linali pa Letter pomwe ena onse ali pa A4. Pasikirini simungazindikire msanga, koma Letter ndi yaifupi ndi mamilimita 18.

Pomaliza ndinadina Ctrl+A kenako F9 kuti manambala a matebulo ndi ndandanda ya zam'katimu ziwerengedwenso, n'kusaka mawu akuti `Error!`. Anapezeka amodzi, chiganizo cholozera ku tebulo limene mnzangayo analichotsa. Ctrl+A safika pa mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba, choncho amenewo ndinawatsegula pandekha, ndipo m'gawo lomaliza munali mudakali deti lakale.

Ndisanatumize, ndinafananizanso lipoti lomalizalo ndi `lake.docx`, kenako ndi `langa.docx`, Formatting ili yochotsedwa. Pofananiza ndi lake, chilichonse chofiira chinayenera kukhala chosintha changa kapena chimodzi mwa 11 zija. Chimodzi sichinali m'gulu lililonse: chiganizo chake cha patsamba 31 chimene ndinachikana mwangozi, chala chitatsetsereka kuchoka pa Accept kupita pa Reject. Ndinachibwezera, lipoti n'kukhala la masamba 41, ndipo ndinamutumizira pamodzi ndi katebulo kaja.