Zimene ndaphunzira pa kukana kulowa ntchito ya usiku m'malo mwa mnzanga

Sabata yatha, nditatha miyezi itatu ndikulimbana ndi phunziro la kulankhulana pa ntchito m'maphunziro anga owonjezera a unamwino, ndinamvetsa chinthu chimodzi chimene chandipepula mtima, chakuti chifukwa chimene munthu amapereka pokana ndicho chimatsegula khomo la pempho lotsatira. Sindibwereza pano za mitundu itatu ya kayankhidwe, popeza tonse a m'kalasi mwathu tinailoweza pokonzekera mayeso, ndipo kuiloweza sikunandithandize ngakhale kamodzi pamene mnzanga anaima pamaso panga akumwetulira.

M'wodi imene ndimagwira ntchito muli achemwali ena, aakulu kwa ine pa zaka ndi pa ntchito pomwe, amene anazolowera kundipempha kuti ndilowe ya usiku m'malo mwawo. Kwathuko ntchito ya usiku imayamba 5 koloko madzulo ndi kutha 7 koloko m'mawa, ndiwo maola 14, osawerengera nthawi yosiyirana odwala. Nditatsegula kabuku kanga ndi kuwerenga, ndinapeza kuti m'miyezi itatu ndinawalowera kasanu ndi katatu, iwo n'kundibwezera kamodzi kokha. Mausiku 7 otsalawo ndi maola 98. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito mwa masiku onse, choncho ndinali nditapereka masabata awiri athunthu ndi maola awiri apamwamba, popanda lokamu, ndalama yolipira ntchito yowonjezera, ndiponso popanda dzina langa kuoneka pa losita, ndandanda wa masiku ogwira ntchito.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti ine ndinkaganiza kuti ndimakana. Akandipempha za Lachitatu ndinkati, "Pepani achemwali, Lachinayi ndili ndi mayeso," ndipo iwo ankayankha mokoma mtima kuti, "Palibe kanthu, ndiye mulowe Lachisanu mayeso atatha." Ndikanena kuti mwana alibe womusamala, ankandiuza kuti mdzukulu wawo akhoza kudzagona kwathu. Tsiku lina ndinanamizira mutu, ndipo anandipatsa panado. Masiku ena ndinkangoti "ndiona," mawu amene kumudzi aliyense amadziwa kuti ndi kukana kwaulemu, koma m'wodi wopempha amawamva ngati kuvomera, ndipo ikakwana 5 koloko odwala amakhala akudikira munthu. Tsopano ndazindikira kuti m'mayankho onsewa ndinali kuwauza kuti ntchito yawo ndimafuna kuigwira, kungoti pali chopinga, ndipo munthu wanzeru akauzidwa za chopinga amachichotsa. Sindinganene kuti ankandichenjerera nthawi zonse, chifukwa iwo ankayankha ndendende zimene ine ndawauza.

Mfundo imeneyi inasintha kapangidwe konse ka yankho langa. Yankho liyenera kunena zimene ine ndatsimikiza kuchita, chifukwa zimenezo palibe wina angazikonze m'malo mwanga. Liyeneranso kuperekedwa pa nthawi imene palibe pempho, pakuti kukana munthu 4 koloko madzulo, iye atavala kale za ulendo, kumamusiya m'mavuto enieni ndipo kumaoneka ngati nkhanza ngakhale mawu atakhala ofatsa motani. Ndinadikira tsiku limene losita ya mwezi watsopano inapachikidwa, ndipo tili awiri m'chipinda chomwera tiyi ndinati, "Pepani achemwali, ndati ndikuuzeni kukadali nthawi kuti musadzavutike. Kuyambira mwezi uno ndizilowa masiku anga okha a pa losita. Pakakhala kusinthana, tizikalembetsa kwa a inchaji, ndipo tsiku lobweza lizilembedwa nthawi yomweyo." Mawu akuti pepani ndinawanena kamodzi kokha kumayambiriro, chifukwa ndaona kuti kupepesa katatu kumamupatsa winayo udindo wokukhululukira, ndipo njira yosavuta yopezera chikhululukirocho ndiyo kuvomera. Za mausiku 7 aja sindinatchule, popeza kuwerengera munthu wamkulu ngongole pamaso pake ndiko kukanakhala mwano weniweni.

Kulembetsa kwa a inchaji kuli ndi chifukwa chake chimene aliyense wa ntchito yathu amachidziwa. Usiku umene ndalowa mobisa, dzina la pa losita ndi la wina, koma siginecha ya pa tchati cha mankhwala ndi pa lipoti ndi yanga. Chinthu chikalakwika pa wodwala, bungwe loona za anamwino ndi azamba lidzafunsa amene anasaina, ndipo kutopa kwa usiku wachinayi wotsatizana sikudzakhala chodzitetezera. Chimenechi ndi chifukwa chokhacho chimene ndingachitchule mosaopa, chifukwa sichichotsedwa ndi panado kapena mdzukulu, ndiponso sichiloza chala pa khalidwe la munthu.

Patapita masiku asanu achemwali aja anabweranso, monga ndinkayembekezera. Apa ndi pamene njira imene ndimaikonda kwambiri inagwira ntchito, ndiyo kubwereza chiganizo chimodzi chomwecho osachisintha, pambuyo posonyeza kuti ndamva vuto lawo. Ndinati, "Ndamva kuti ulendowo ndi wofunika, achemwali, koma ine ndizilowa masiku anga okha." Anati ndi kamodzi kokha, ndipo ine ndinati, "Ndikumvetsa, koma ndizilowa masiku anga okha. Mwina a inchaji angakuthandizeni." Kachitatu anangoti "chabwino" n'kutuluka. Chiganizo chimenechi ndinachiyeseza mokweza kwa masiku atatu popita ku ntchito, mpaka mawu anga analeka kunjenjemera, ndipo ndikukhulupirira kuti kuyeseza kotereku kumaposa mitu yonse ya m'buku lathu itaphatikizidwa. Anzanga a m'kalasi akuti ndikukokomeza, koma ine ndikanakhala wokonza maphunziro ndikanachotsa mayeso olemba pa phunziroli n'kusiya kuyeseza kokha.

Zimandiwawa kuti nkhani ya kukanayi aphunzitsi anaipatsa mphindi zosakwana 40, kumapeto kwa tsiku, ndipo zitsanzo zonse zinali za m'maofesi a kunja kumene wantchito amatchula bwana wake dzina loyamba. Palibe amene anafotokoza mmene namwino wamng'ono angakanire munthu amene anamuphunzitsa kuika diripi pa mwana wa mitsempha yosaoneka, amene amapemphera naye mpingo umodzi, amenenso anabwera ndi ufa pa maliro a bambo ake. Nditafunsa, ndinauzidwa kuti nthawi yatha ndipo tikawerenge patokha, ngati kuti munthu wochokera ku ntchito ya maola 14 ali ndi maso owerengera.

Pali malire amene ndinadziikira ndisanayambe, akuti pa maliro ndi pa matenda a mwadzidzidzi ndidzalowa osafunsa za kubweza, pakuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Chovuta n'chakuti si mapempho onse amene amabwera atadzilemba dzina. Dzulo achemwali aja anandiuza kuti apongozi awo sakupeza bwino kumudzi, ndipo ndinayankha ndi chiganizo changa chija ndisanaganize n'komwe, chifukwa pakamwa panazolowera. Moni akundipatsa ndithu, koma tiyi akumwera kwina, ndipo ndamva kuti tsopano akupempha namwino watsopano amene wangobwera mwezi watha, amene sangathe kukana aliyense. Sindikudziwa ngati ndiyenera kumuuza mtsikanayo zimene ndaphunzirazi kapena ngati kutero kungakhale miseche, ndiponso sindinafunse kuti apongozi aja ali bwanji lero.