Zimene ndinalemba kamodzi pa tchanelo, ndi zimene zimakakamira pa vidiyo iliyonse

Tchanelo changa cha pa YouTube ndi cha kukonza njinga: kumata chubu, kuwongola mkombero, kusintha tcheni, kumanga mabuleki. Mavidiyo atayamba kuchuluka, ndinakhala pa kompyuta kuti ndikonze zolembalemba zimene sizili za vidiyo imodzi koma za tchanelo chonse. Zolembazi zili mitundu iwiri. Zina zimakhala malo amodzi, ndipo mukazisintha zimasintha kwa aliyense nthawi yomweyo. Zina zimakopedwa n'kulowa mu vidiyo pa tsiku limene mwaiika, kenako zimakhala momwemo mpaka mutapita kukazichotsa nokha. Ntchito yonse ndinaiyendetsa poyang'ana kusiyana kumeneku.

Ndinalowa pa studio.youtube.com, n'kudina Customization kumanzere, kenako Profile. Pamenepa ndi pamene pali dzina la tchanelo, dzina loyamba ndi chizindikiro cha @, bokosi la Description, malo a malinki ndi imelo. Dzina la @ lija limaloledwa kukhala ndi zilembo 3 mpaka 30, ndipo mukhoza kulisintha kawiri kokha pa masiku 14. Ine sindinalikhudze, chifukwa ndi limene lili mu adiresi ya tchanelo imene anthu anatumizirana kale.

Nthawi yambiri inathera pa bokosi la Description. Limalandira zilembo 1000, koma munthu akafika pa tchanelo saona zonsezo. Amaona kamzere koyamba kokha pansi pa dzina, kodukiza, ndipo zotsalazo amaziona akadina. Ambiri sadina. Ndiye kamzere kameneko sikoyenera kukathera pa moni ndi kulandira alendo. Pa matchanelo ambiri mumapeza poyambira pali mawu akuti takulandirani, musaiwale kutitsatira, ndipo malo oonekawo atha munthu asanadziwe ngati pano pali za njinga kapena za nyimbo. Ine ndinayamba ndi chinthu chenichenicho: “Kukonza njinga nokha ndi zida zochepa: chubu, tcheni, mabuleki ndi masipoko, pang'onopang'ono m'Chichewa.” Munthu amene chubu chamuphulikira akawerenga mawu asanu oyambirira okha, wadziwa kale kuti wafika poyenera.

M'munsi mwake ndinalemba ndime ziwiri zazifupi. Yoyamba ikunena amene ndimawapangira mavidiyo, anthu oyamba kumene ndi amene amakwera njinga tsiku lililonse. Yachiwiri ikutchula ntchito zimene zilimo, m'mawu omwe munthu angalembe pofufuza: “kuchotsa tayala lakumbuyo”, “tcheni chikulumpha”, “mabuleki akulira”. Ndinazilemba m'ziganizo zenizeni, osati mulu wa mawu olekanitsidwa ndi zizindikiro za koma, chifukwa bokosi ili limawerengedwa ndi anthu. Tsiku lotulutsa mavidiyo sindinalilembe. Lonjezo lakuti vidiyo yatsopano imatuluka Lachisanu lililonse limaoneka bwino mwezi woyamba, koma mukangodumphitsa milungu ingapo limasanduka umboni wakuti tchanelo chagona. Kachinthu kena: zizindikiro izi < ndi > sizilandiridwa m'mabokosi ofotokozera, ndiye ngati zolemba zikukana kusungika, yambani mwayang'ana zimenezo.

Pansi pa bokosili pali Add language, pomwe mungaike dzina ndi kufotokoza kwa tchanelo m'chinenero china. Munthu amene YouTube yake ili m'chinenero chimenecho amaona zimene mwamasulirazo. Ndinasankha chinenero choyambirira, n'kuwonjezera Chingelezi, basi.

Tsopano malinki. Pa Links mukhoza kuika malinki okwana 14, iliyonse ndi mutu wake ndi adiresi yake. Koma pamwamba pa tchanelo imaoneka imodzi yokha, yoyamba ija, ndipo zinazo zimabisika kuseri kwa mawu onena kuti pali malinki ena angapo. Kotero funso si lakuti muika angati, koma iti ikhale pamwamba. Ine ndinaika tsamba limene lili ndi mndandanda wa zida zonse zimene ndimagwiritsa ntchito, masaizi a masipanala ndi mitundu ya machubu, chifukwa ndilo funso limene limabwera kawirikawiri. Mutu wake ndinaulemba kuti “Mndandanda wa zida”, osati “Dinani apa”. Kusintha dongosolo ndi kungogwira linki n'kuikokera pamwamba. Ndinasiya malinki ochepa okha, ndipo masamba amene sindilembako kanthu ndinawachotsa. Kutumiza munthu ku tsamba lakufa n'kumuuza kuti simusamala.

Linki ya pa tchanelo imeneyi inakula mphamvu kuyambira pa 31 Ogasiti 2023, pamene malinki olembedwa pansi pa timavidiyo tatifupi ta Shorts anasiya kudinika. Munthu amene waonera kavidiyo ka masekondi 40 ka kumata chubu, akafuna mndandanda wa zida, njira yake yapafupi ndi kudina dzina la tchanelo. Akafika pamenepo ayenera kuipeza linkiyo osafufuza.

Imelo ya pa Contact info imaonekera kwa anthu, choncho ndinaika ina yosiyana ndi imene ndimalowera pa akaunti. Ndikamaliza pa tsamba limeneli ndimadina Publish pamwamba kumanja. Batani limeneli n'losavuta kuliphonya, ndipo mukachoka musanalidine zimene mwalemba sizisungika.

Mawu ofufuzira a tchanelo sali pa tsamba lomweli. Ali ku Settings, kenako Channel, kenako Basic info, m'bokosi la Keywords. Malo ake ndi zilembo 500. Mukalemba mawu n'kuika chizindikiro cha koma kapena kudina Enter, mawuwo amatsekeredwa m'kabokosi kawokawo, ndipo m'pamene mumaona ngati “kukonza njinga” alowa ngati chinthu chimodzi. Ndinaika dzina la tchanelo, kalembedwe kena kamene anthu amalakwitsa polemba dzinalo, ntchito zikuluzikulu, ndi mawu ochepa a Chingelezi a nkhani yomweyo. Malo sanadzaze, ndipo sindinavutike kuwadzaza. Kunena zoona, bokosi ili anthu amalikweza mopitirira. YouTube yokha imanena kuti mawu oterewa a pa vidiyo, a m'bokosi la Tags, amathandiza pang'ono chabe, makamaka pa mawu ovuta kulemba, ndipo sindiona chifukwa choyembekezera zodabwitsa kwa a pa tchanelo. Mutu wa vidiyo ndi chithunzi chake ndi zimene zimakoka anthu. Chimene sindinachite n'kuikamo mayina a matchanelo otchuka kapena nkhani zimene sindipanga, chifukwa malamulo a YouTube amaletsa zolemba zosocheretsa. Mawuwa saoneka pa tsamba, koma si chinsinsi: munthu akatsegula tchanelo chanu pa kompyuta, n'kudina Ctrl+U, n'kufufuza keywords, amawaona. Apa batani lake ndi Save.

Chotsala chinali Upload defaults, mu Settings momwemo, ndipo apa m'pamene mtundu wachiwiri uja uli. Zimene mwalemba mu Description ya pamenepa zimabwera zokha pa vidiyo iliyonse yatsopano, kuti musamalembe zomwezomwezo. Zimathandiza, koma zili ndi malire awiri. Zimagwira ntchito pa mavidiyo oikidwa kudzera pa bulawuza, ndiye mukaika vidiyo ndi pulogalamu ya pa foni mupeza bokosi lopanda kanthu. Ndiponso sizibwerera m'mbuyo. Zili ngati chidindo: mukasema chidindo chatsopano lero, mapepala amene munadinda chaka chatha sasintha.

Tiyerekeze kuti tchanelo chili ndi mavidiyo 80, ndipo pansi pa iliyonse pali linki ya gulu lokambirana imene inalowa kudzera pa Upload defaults. Gululo latsekedwa, kapena linki yake yasintha. Mukakonza ku Settings, mwakonza vidiyo ya nambala 81 kupita m'tsogolo. Mavidiyo 80 aja akutumizabe anthu kumalo kumene kulibe, ndipo nthawi zambiri amene amaonedwa kwambiri ndi akalewo. Linki yomweyo ikanakhala pa Links ya tchanelo, kukonza kukanakhala kumodzi.

Ndiye ndinagawa zinthu motere. Chilichonse chimene chingasinthe, gulu lokambirana, imelo, masamba ena, chinapita ku tchanelo. Mu Upload defaults ndinasiyamo zosasintha zokha, ndi malo oti ndizidzaza:

```
[ziganizo ziwiri za vidiyo iyi]

0:00 Chiyambi

Zida: https://example.com/zida
Malinki ena onse ali pa tsamba la tchanelo.
```

Adiresi ya zida ndi ya tsamba langa, ndiye zida zikasintha ndimasintha za m'tsambalo, adiresi imakhala yomweyo. Mzere wa pamwamba ndinausiya dala wa vidiyoyo. Bokosi la vidiyo limalandira zilembo 5000, koma monga pa tchanelo paja, zooneka munthu asanadine ndi mizere yoyamba yokha. Mukaika malinki pamwamba, mavidiyo anu onse amayamba ndi mawu ofanana, ndipo ya mabuleki siisiyana ndi ya masipoko. Mzere wa 0:00 ndi wondikumbutsa kugawa vidiyo m'zigawo, zimene zimafuna nthawi zosachepera zitatu, yoyamba ikhale 0:00, chigawo chilichonse chosachepera masekondi 10. Bokosi la Tags la pamenepa ndinaikamo mawu awiri kapena atatu okha oyenera mavidiyo onse, popeza chilichonse choikidwamo chimalowa paliponse.

Adiresi izilembedwa yonse kuyambira pa https://. Ngati yalembedwa bwino koma sikudinika pansi pa vidiyo yaitali, onani ku Settings, Channel, Feature eligibility. Malinki opita kunja kwa YouTube amadinika pokhapokha tchanelo chitapatsidwa Advanced features.

Mavidiyo akale ndinawakonza pa Content. Mumasankha angapo nthawi imodzi, n'kudina Edit, kenako Description, ndipo pamabwera zosankha monga Insert at beginning, Insert at end ndi Replace all. Chomalizachi n'choopsa. Chimafufuta zonse zimene zinali pansi pa vidiyo iliyonse, kufotokoza kwake ndi nthawi za zigawo zomwe, n'kuika mawu amodzi ponseponse. Ine ndinagwiritsa ntchito Insert at end powonjezera mzere wolozera ku tchanelo, ndipo ndinayamba ndi mavidiyo awiri okha kuti ndione momwe zakhalira. Malinki akufa ndinawachotsa pamanja, kuyambira ndi mavidiyo amene amaonedwa kwambiri.

Pomaliza ndinatsegula tchanelocho pa windo la Incognito, ndisanalowe mu akaunti, kenako pa foni, chifukwa pa foni kamzere koyamba kamaduka msanga kusiyana ndi pa kompyuta. Kanga kanadukira pasanafike mawu akuti “m'Chichewa”, ndiye ndinabwerera ku Profile n'kuwasunthira kutsogolo, pafupi ndi “Kukonza njinga”. Kenako ndinadina linki iliyonse, imodzi imodzi, kuona ngati ikufika kumene mutu wake ukunena.