Makande a pa Ngabu anandikweza Thabwa kawiri

Zotsatira za mayeso a dothi la papuloti pomwe ndikufuna kumanga nyumba ndazilandira, koma ulendo woyamba wa ku labotale ya ku Blantyre ukundiwawabe. Ndinanyamuka pa Ngabu mbandakucha ndi thumba limodzi la dothi, n'kukwera mapiri a Thabwa, ndipo nditafika anandibweza chifukwa ndinasakaniza dothi la maenje awiri komanso ndinatapa lapamwamba lodzaza mizu. Dzulo lake pafoni anangoti, "Bweretsani dothi, bambo," osanena kuti likhale lapansi pomwe padzakhale maziko. Tsiku lonse ndi ndalama ya minibasi zinapita pachabe. Inu kumbani mpaka pamene mudzayale fondeshoni, ndipo dzenje lililonse likhale ndi thumba lake lolembedwa.

Nditabwerera anandilola kuonerera mayeso a Atterberg. Dothi amaliumitsa, kulisinja ndi kulisefa pa sefa ya mamilimita 0.425, kenako amalikanda ndi madzi. Phala limenelo amaliika m'kakapu n'kugwetsera kachitsulo kosongoka kolemera magalamu 80, ndipo chinyezi chimene kachitsuloko kamalowa mamilimita 20 ndicho amachilemba kuti LL, malire amene dothi limayamba kuyenderera. Lina amalipota ndi dzanja pagalasi mpaka litayamba kuduka pa kunenepa kwa mamilimita 3, ndipo chinyezi chake ndi PL, malire amene dothi limasiya kuumbika n'kuyamba kunyenyeka. Chinyezicho amachidziwa poyeza kulemera kwa dothilo lisanalowe ndi litatuluka mu uvuni momwe limagona usiku wonse, choncho musayembekezere kubwerako ndi pepala tsiku lomwelo. Zimenezinso sanandiuze.

Nambala yofunika ndi PI = LL - PL. Makande a papuloti yanga anatuluka LL 68 ndi PL 29, kutanthauza PI 39, pamene dothi lofiirira la kumunda kwa malume linatuluka 38 ndi 20, PI 18. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake anandibweza, ngakhale mkwiyo sunathe: chosakanizacho chikanapereka nambala yapakati imene siili ya dzenje lililonse.

PI 39 ndi dothi lotupa nthawi ya mvula ndi kuchita ming'alu mu Okutobala, lomwe limanyamula khoma n'kulitsitsanso chaka chilichonse. Injiniya anati tichotse makande pansi pa nyumba, tithire gelevulo wotsendera bwino, tiike zitsulo m'maziko, ndipo madzi a padenga tiwapititse kutali. Anandichenjezanso kuti mayesowa sanena kulemera kumene nthaka ingasenze, poti kumeneko kuli ndi mayeso akeake.

Njerwa za makande zimasweka pouma zisanafike n'komwe pa uvuni, pokhapokha muwonjezere mchenga wambiri. Ife tiumba ndi dothi la kwa malume, koma tiyamba ndi njerwa 20 zoyesera, zoumitsidwa pamthunzi. Mukamapita, matumba akhale osiyana ndi olembedwa dzina la dzenje ndi kuya kwake.