Kuthokoza kwa banja lathu pa maliro a mayi

Abale, anansi, akumpingo ndi anzathu akuntchito, amene muli kuno kumudzi ndi amene muli ku Joni, mayi athu tinawaika m'manda ku Ntcheu sabata yatha, ndipo m'malo mwa banja lonse ndikuthokoza kuti simunatisiye tokha.

Mauthenga anu opepesa anafika ochuluka zedi pa WhatsApp ndi pa Facebook, moti ena tawatsegula mwambo wosesa utadutsa kale. Amene simunayankhidwe, chonde musaone ngati takunyozani. Pa siwa, namfedwa sadzuka kukagwira chanza aliyense wobwera kudzakhuza maliro. Iye amakhala pamphasa, ndipo nthawi ya zolankhula ikakwana, munthu mmodzi woimira banja amathokoza onse pakamodzi, kuyambira amfumu, adzukulu amene anakumba manda, mpaka amayi amene anachezera pamoto kuphika. Makolo anakonza zimenezi pofuna kupeputsa wofedwa, ndipo ife taona kuti mwambo womwewo ndi woyeneranso kwa opepesa pa foni.

Masiku a maliro foni yanga inali m'manja mwa msuweni wanga, amene ankayankha okhawo ofunsa njira, tsiku loika ndi nambala yotumizirapo chipepeso. Tinakana maganizo otumiza mawu amodzimodzi kwa aliyense, chifukwa munthu amene analemba zochokera pansi pa mtima, nafotokoza mmene mayi ankamusungira mbatata akamachokera kusukulu, amazindikira msanga yankho longokopera, ndipo limamupweteka kuposa kukhala chete. Mauthenga otere tikuwawerenga pang'onopang'ono madzulo, bambo akumvetsera, ndipo ena tidzawayankha mtima ukakhazikika, ngakhale papite miyezi.

Nkhani ya ndalama yokha ndiyo sitingaisiye m'chithokozo cha onse, pakuti wotumiza ayenera kudziwa kuti thandizo lake linafika. Chipepeso chilichonse chimene chinabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba chinalembedwa m'kope lomwe munalembedwa za pamanja, ufa ndi nkhuni, ndipo eni ake tikuwaimbira mmodzimmodzi. Vuto lilipo ndi la inu amene munatumiza kudzera kwa ejenti kapena pa nambala ya mnzanu, chifukwa dzina limene linaoneka pa uthenga si lanu, choncho m'kopemo muli mizere ingapo yopanda mwini.

Amfumu, abusa, amayi a Mvano amene anaimba usiku wonse, ndi akuchimuna kwa mayi, amenewa sitiwathokoza pa foni. Malume adzawafikira okha pakhomo monga mwa ulemu wake.

Ngati munatumiza chipepeso ndipo mwezi uno watha musanamve kwa ife, tidziwitseni tsiku limene munatumiza ndi kuchuluka kwa ndalamazo kuti tilembe dzina lanu pamzere wake. Kwa ena nonse, landirani mawu ano ngati yankho lathu, ndipo musavutike kuwayankhanso. Ambuye akudalitseni.