Nkhuku yopepesera mlandu wosadziwika

Lachisanu lija, mawa lake kuli Nc'wala ku Mtenguleni, ndinalembera amake Dalitso pa WhatsApp: "Mawa ndipita ndi anzanga kukaona ngoma. Ndatengako K300 pa ndalama za chilimba, ndidzabweza mwezi ukatha." Mphindi isanathe, yankho linafika: "Chabwino."

M'mimba munatentha. Amake Dalitso akavomera ndi mtima wonse, chabwino wawo sayenda yekha, amabwera atabereka ntchito kumsana: "Chabwino, koma mudzere ku Kapata mugule tomato." Akakayika amafunsa kuti anzanu ake ati, mubwera nthawi yanji. Koma pa nkhani ya ndalama, mkazi amene amawerenga ngakhale machesi otsala m'bokosi, osafunsa kanthu?

Ndinaonetsa foni mnzanga wa kuntchito, amene ali pa banja lachitatu ndipo amati zimenezi zinamupatsa ukatswiri. Anavala magalasi.

"Achimwene, apa pali zinthu zitatu. Ayankha msanga, ndiye kuti sanaganize, anali atakwiya kale. Sanakutchuleni kuti atate ake Dalitso. Ndiye onani kadontho aka kumapeto. Munthu wokondwa salemba kadontho pa foni. Aka ndi chitseko, atseka."

Ndinati ndiwaimbire. Anandigwira dzanja, akuti woimba foni wavomera mlandu, wanzeru amafika ndi katundu.

Ndiye K300 ija inathera ku msika wa Kapata: chitenje chimodzi, nkhuku yakumudzi, ndipo zotsala ndinalipira wanjinga amene ananditengera kunyumba, nkhuku ikundijompha pantchafu njira yonse.

Ndinawapeza akuomola nsima, akuimba nyimbo ya kwaya. Anayang'ana chitenje, anayang'ana nkhuku, kenaka ine. Nyimbo inaleka.

"Atate ake Dalitso, mwachita chiyani?"

"Palibe, mayi. Ndangokukumbukirani."

"Chikwatirane, nkhuku mumagula pa Khirisimasi pokha. Uno ndi Febuluwale. Ndi ndani mkaziyo?"

Ndinalumbira, ndinatchula ndi agogo amene ali kumanda, mpaka ndinatulutsa foni kuti aone uthenga wawo umene unandiopsa. Anati iwo sanalembe kanthu, foni yakhala ndi mwana kuyambira masana. Dalitso, wa giredi 4, anatulukira kuseri kwa chitseko.

"Ndine ndinayankha, atate. Uthenga wanu unkanditchinga gemu."

"Nanga kadontho?"

"Aticha amati chiganizo chilichonse chizithera ndi kadontho."

Apo ndi pamene amake Dalitso anapukuta m'manja, nkutenga foni, nkuwerenga uthenga wanga koyamba. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, ndipo pofika pa mawu akuti chilimba anakhala pansi. Tsiku lopereka linali Lamlungu lomwelo.

Ku Mtenguleni sindinapondeko. Loweruka m'mawa ndinali pamsewu ndi nkhuku ija m'khwapa, ndikuitsatsa kwa anthu okwera mabasi opita ku Nc'wala, ndipo amene anaigula, atanenerera mtengo mpaka pansi, ndi katswiri wanga wa magalasi uja.