Mmene ndinagonjetsera mawu othawathawa a mtsogoleri wa kwaya

Nyimbo yojambulidwa yomwe ndimakonza inali ya kwaya, yothamanga 90 BPM, kutanthauza kugunda ka 90 pa mphindi, ndipo mayi wotsogolera anali ndi mawu okoma kwabasi. Vuto linali limodzi. Pa vesi amaimba ngati akunong'oneza mwana, koma kolasi ikafika amatsegula kukhosi konse ngati ali kutsogolo kwa mpingo wopanda maiki. Ndikakweza voliyumu kuti vesi imveke, kolasi imabaya m'makutu. Ndikatsitsa, vesi imamira pansi pa kiyibodi ndi besi. Ndinakhala ndikukweza ndi kutsitsa mpaka ndinavomereza kuti ntchitoyi ndi ya kompuresa.

Ndisanakhudze chilichonse ndinayamba ndayang'ana mita, yomwe imayeza kukula kwa mawu mu ma dB: nambala ikamayandikira 0, mawu akukula. Vesi imasewera cha pa -24 dB, pamene nsonga za kolasi zimafika pa -8 dB. Kusiyana kwake kunali 16 dB, ndipo mpata umenewu ndi womwe ndimafuna kuchepetsa. Ambiri timaganiza kuti kompuresa imakweza mawu. Ayi, ntchito yake ndi kutsitsa. Ili ngati dzanja lomwe lagwira voliyumu, likatsitsa woimba akakuwa, n'kubwezera akadekha. Mabatani ake anayi, Threshold, Ratio, Attack ndi Release, amangouza dzanjalo poyambira, mlingo wotsitsira, changu chogwirira ndi changu chosiyira.

Ndimagwira ntchito mu pulogalamu ya Reaper, choncho ndinatsegula kompuresa yake, ReaComp, pa mzere wa mawu a mayiwo. Ndinayamba ndi Threshold, omwe ndi malire. Mawu onse osafika pamalirewo amadutsa osakhudzidwa, opitirira okha ndi amene amapanikizidwa. Ndinawaika pa -20 dB, pamwamba pang'ono pa vesi, ndipo Ratio ndinaika pa 4:1. Tanthauzo la 4:1 ndi lakuti pa ma dB anayi alionse opitirira malire, imodzi yokha ndi imene ituluke. Nsonga ya -8 yapitirira -20 ndi 12 dB, ndipo 12 kugawa ndi 4 ndi 3. Ndiye kuti ituluka pa -17, itatsitsidwa ndi 9 dB.

Papepala zinkaoneka bwino. M'makutu zinali zoipa. Kolasi yomwe imayenera kunyamula nyimbo inamveka ngati mayiwo awaphimba pakamwa ndi bulangete. Nditamvetseranso ndinapeza kuti malire anga anali otsika kwambiri, moti mzere wofiira wosonyeza kuchuluka kwa zomwe zikutsitsidwa sumabwerera pa 0 kolasi yonse. Mzere umenewu ndi womwe ndimaukhulupirira kuposa manambala a pa mabatani, chifukwa Threshold payokha sinena kanthu: -20 pa mawu ojambulidwa motsika sagwira chilichonse, pomwe pa mawu ojambulidwa mokweza amafinya zonse.

Ndinakweza malire kufika pa -17 dB, Ratio n'kutsitsa kufika pa 3:1. Tsopano nsonga ija imapitirira ndi 9 dB, kutuluka 3, kutera pa -14. Kutsitsa kwake 6 dB basi, ndipo mpata wa vesi ndi kolasi wachoka pa 16 kufika pa 10. Kolasi inakhalabe yaikulu kuposa vesi, monga iyenera kukhalira. Panali liwu limodzi lokha, "aleluya" wa kumapeto, lomwe limadumpha kuposa onse. Limeneli sindinalisiyire kompuresa. Ndinalidula n'kulitsitsa ndi dzanja ndi 3 dB, chifukwa kufinya nyimbo yonse pofuna kugwira liwu limodzi n'kulanga mudzi wonse pa mlandu wa munthu mmodzi.

Pomwe ndinataya nthawi yambiri ndi pa Attack ndi Release, ndipo ndikuona kuti apa ndi pomwe kompuresa imasintha maonekedwe a mawu, osati kukula kwake kokha.

Attack ndi changu chomwe dzanja lija limatsitsira mawu akangodumpha malire. Poganiza kuti kufulumira ndiko kugwira bwino, ndinaika pa 1 ms, milisekondi imodzi. Nsonga zinagwidwadi, koma mawu anabwerera kumbuyo kwa zida. Chifukwa chake n'chakuti chiyambi cha liwu lililonse lamphamvu, kaphokoso kakafupi komwe timamva pa "ta" kapena "ka", kamatenga timamilisekondi tochepa, ndipo kaphokosoko ndi kamene kamauza khutu kuti woimba ali pafupi. Attack yofulumira imakameza. Ndinapita mbali inayo, pa 60 ms, kuti ndimve kulakwa kwinako. Apa liwu lililonse lokuwa limayamba labaya kaye, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi kompuresa ikadzidzimuka. Kuchokera pamenepo ndinabwerera pang'onopang'ono nditatsinzina, n'kudzaima pa 12 ms. Mawu amamveka bwinobwino, kubaya kulibe. Dziwani kuti mukachedwetsa Attack, masamu aja sakwanira ndendende pa mawu aafupi, poti liwu limatha kompuresa isanafike pa 6 dB yonse. Masamuwo amaoneka bwino pa mawu okoka.

Njira yomwe imandithandiza kumva zimenezi ndi kukokomeza dala. Ndimatsitsa Threshold mpaka mita isonyeze 12 dB kapena kuposa, ndisinthe Attack ndi Release kulakwa kukumveka poyera, kenaka ndibwezere malire pamalo pake. Pa 3 dB khutu losazolowera silisiyanitsa 5 ms ndi 20 ms.

Release ndi changu chosiyira mawu akatsika. Pa 30 ms kompuresa imasiya msanga moti pakati pa mawu awiri, mpweya womwe mayiwo amakoka ndi kaphokoso ka m'chipinda zimatukuka ngati funde, kenaka n'kuphwa liwu lina likabwera. Nyimbo imamveka ngati ikupuma wefuwefu. Pa besi changu chotere n'choopsa kwambiri: funde limodzi la 50 Hz limatenga 20 ms, ndiye kompuresa yofulumira kwambiri imayamba kutsatira fundelo lenilenilo ndipo mawu amasasa. Ndinayesanso 800 ms. Kolasi ikatha, mawu oyamba a vesi yachiwiri amasowa, chifukwa dzanja linali likadapanikiza pomwe mayiwo anali atayamba kale kunong'ona.

Apa liwiro la nyimbo linandithandiza. Kugunda kumodzi pa 90 BPM ndi mamilisekondi 60000 a mu mphindi imodzi kugawa ndi 90, pafupifupi 667 ms. Mayiwo amatchula mawu awiri pa kugunda kulikonse, ndiye kompuresa inali ndi nthawi yosaposa 333 ms kuti ipume liwu lina lisanafike. Ndinaika 150 ms, osati 300, chifukwa nambala ya Release si nthawi yomwe kusiyako kumathera. Kubwerera kumachitika mokhota, ndipo makompuresa osiyana amawerenga nthawiyi mosiyana. Ndinayang'ana mzere wofiira uja: umatsika ndi liwu, n'kubwerera pafupi ndi 0 lina lisanabwere, ngati ukuvinira nyimboyo.

Chotsala chinali kubwezera mphamvu yomwe yatsitsidwa. Auto make-up, yomwe imabwezera yokha mphamvuyo, ndimaizimitsa, ndipo ndimakweza ndekha pa Wet, batani la kukula kwa mawu otuluka mu kompuresa. Ndinawonjezera 4 dB, vesi n'kukwera kuchoka pa -24 kufika pa -20, kolasi pa -10. Apa pali msampha womwe unandikola zaka zambiri: chilichonse chokwera pang'ono chimamveka ngati chakoma. Choncho ndinazimitsa ndi kuyatsa kompuresa pa kolasi, kuonetsetsa kuti kukula kwa mawu kukufanana, kuti ndiweruze chilungamo.

Mayiwo atabwera kudzamvera anakhala phee mpaka vesi yachiwiri.

"Achimwene, mwandiwonjezera voliyumu pa vesi eti?"

"Ayi mayi, ndakutsitsani pa kolasi."

Sanakhulupirire mpaka nditawaonetsa mzere wofiira uja ukutsika pa "aleluya" wawo.