Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Masekondi 60 pamaso pa kamera

Ndikuthokoza nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali, makamaka inu amene munandipepesa pa nkhani ya maliro a bambo. Ambiri mwapempha kuti ndifotokoze bwino za kanema wa mphindi imodzi amene ndinangomutchula mongodutsa, chifukwa ena mwa inu muli ndi ana kapena azing'ono anu amene akupempha thandizo la maphunziro chaka chino. Ndifotokoza zonse monga zinachitikira, kuyambira pa kanema woyamba amene anandigwetsa.

Mukukumbukira kuti nditamaliza ku Bunda ndinayamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi kwathu ku Ntcheu. Zaka zisanu zinatha ndikupalasa njinga m'midzi. M'chaka chachisanu ndi chimodzi ndinaona chilengezo cha bungwe lina limene limalipirira digiri yachiwiri kunja kwa dziko, ndipo kuwonjezera pa mafomu ndi makalata a umboni, ankafuna kanema wosapitirira masekondi 60 woti wopemphayo adzitchule, anene chimene akufuna kukaphunzira, ndi chimene adzachite akabwerako.

Mawu a kanema woyamba ndinalemba mothandizidwa ndi msuweni wanga wa ku Lilongwe uja, amene kwathu timamudalira pa Chingerezi. Tinalemba mawu oposa 200. Munali zoti ndine mtsogoleri wa masomphenya, zoti ndimakonda dziko langa kuchokera pansi pa mtima, ndi zoti ndidzathetsa njala m'Malawi. Iye anawonjezamo kuti ndinakula ndili wamasiye ndiponso kuti ndathandiza alimi zikwizikwi. Ndinamukumbutsa kuti bambo anamwalira ine ndili kale pa ntchito, koma anandiyankha kuti, “Asuweni, anthu amenewa amafuna nkhani yomvetsa chisoni, musadzimane mwayi.” Ndinavomera, ndipo mlandu wa kuvomerako ndi wanga ndekha. Ndikunena zimenezi chifukwa pali abale amene mpaka lero amati ndinamunyoza msuweniyo pamene ndinasiya malangizo ake chaka chotsatira. Sindinamunyoze, ndipo ankandifunira zabwino, koma mawu amene tinalemba sanali anga.

Kuti mawu 200 akwane m'mphindi imodzi ndinkayenera kutchula mawu oposa atatu pa sekondi iliyonse, popanda popumira. Pepala ndinalimata pakhoma m'mbali mwa foni, choncho maso anga ankayenda uku ndi uku ngati wowerenga kalata. Patapita miyezi iwiri inabwera imelo ya mizere itatu yondiuza kuti sindinasankhidwe. Sanatchule chifukwa, ndiye sindinganene kuti anali kanema yekha. Koma usiku umenewo ndinamuonera kanemayo kasanu, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri sichinali liwiro kapena maso oyendayenda. Chinali pamene ndinafika pa mawu akuti wamasiye, pomwe nkhope yanga inagwa pansi kwa kanthawi kochepa. Bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndimalize sekondale, ndipo ine ndinawafufuta m'mbiri yanga ndi chiganizo chimodzi kuti alendo andimvere chisoni. Ndinakhala pa mkeka mpaka kandulo inatha, ndipo kwa masabata angapo ndinkalephera kuyang'ana chithunzi chawo chimene chili pabalaza kwa amayi.

Chaka chotsatira ndinapita kwa aphunzitsi anga akale a Chingerezi, amene munawadziwa m'gawo lachinayi, omwe tsopano anapuma pa ntchito. Ataonera kanemayo anandifunsa kuti, “Mwanawe, chiganizo chiti pamenepa chimene munthu wina sangachinene?” Ndinafufuza koma sindinachipeze. Aliyense wopempha akhoza kunena kuti amakonda dziko lake. Anandiuza kuti ndiike pepala pansi ndipo ndiwafotokozere m'Chichewa tsiku limene ndinaganiza zobwerera kusukulu.

Ndinawafotokozera za chimanga cha amayi. Chaka chimene bambo anamwalira, amayi anakolola matumba 14, ndipo chifukwa choopa akuba m'munda tinakolola msanga, n'kutonola ndi kusoka matumba chimangacho chisanaume bwino. Ineyo ndi amene ndinati, “Amayi, chauma ichi, tiyeni tisoke.” Ndinangoluma njere imodzi n'kukhutira, ngakhale ndinkadziwa njira ya botolo ndi mchere imene ndinkaphunzitsa alimi ena, yoti uthire chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula, ndipo mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chidakali ndi chinyontho. Mu Disembala, nthawi imene chimanga chimayamba kudula pa msika, ndinalowa m'chipinda chosungiramo ndipo ndinamva kutekesa kwa anankafumbwe ndisanatsegule n'komwe thumba. Nditapisa dzanja linatuluka loyera ndi fumbi, ndipo pansi pa thumba chimanga chinali chitachita nkhungu n'kugwirana. Matumba asanu anatayika. Amayi sanandidzudzule. Anangotenga lichero n'kukhala pakhonde kupeta chimene chinatsala, tsiku lonse osayankhula, ndipo kukhala chete kwawoko kunandilasa kuposa mawu alionse.

Nditamaliza kufotokoza, aphunzitsi anati nkhani imeneyo ndiye kanemayo. Ndinakana poyamba, poganiza kuti mlangizi woulula kuti anawonongetsa chimanga cha mayi ake sangapatsidwe ndalama za sukulu. Iwo anati kulakwa kumene kumaonetsa chimene munthu anaphunzirapo n'kosiyana ndi kudandaula, bola kutenge malo ochepa ndipo kutsatiridwe ndi chimene unachita pambuyo pake.

Tinayamba ndi kuyeza liwiro langa. Ndinawerenga ndime ya nyuzipepala ya Chingerezi mokweza, modekha ngati ndikuyankhula ndi alimi, iwo atagwira wotchi, ndipo tinapeza kuti ndimatchula mawu pafupifupi awiri pa sekondi. Choncho malire anga anali mawu 120, ndipo tinagwirizana kuti ndizimaliza pa sekondi 56 kapena 57, popeza podina batani loyambira ndi lomalizira pamatayika kanthawi, komanso ena amakana kanema wopitirira malire ngakhale ndi pang'ono. Masekondi 8 oyamba tinawapereka ku dzina, kwathu ndi ntchito. Nkhani ya chimanga inatenga masekondi pafupifupi 20, chimene ndikufuna kukaphunzira masekondi 15, ndipo otsalawo anali a ntchito imene ndidzagwire ndikabwerako. Moni wautali ndi kuthokoza bungwe chifukwa cha mwayi umenewu tinazichotsa, ngakhale zinandivuta kwambiri chifukwa kwathu munthu suyamba nkhani usanalonjere. Panangotsala moni wa mawu awiri.

Ndinayamba kulemba m'Chichewa, kenako n'kumasulira, ndipo pepala la Chichewalo ndikadali nalo. Nditatchula dzina langa ndinati:

“Ndine mlangizi wa zaulimi ku Ntcheu, m'Malawi. Zaka zitatu zapitazo ndinauza amayi anga kuti chimanga chawo chauma, koma chinali chisanaume, ndipo matumba asanu mwa 14 anawonongeka. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi botolo ndi mchere pa njinga yanga. Ndimagwira ntchito ndi mabanja 43 m'makalabu awiri, ndipo mabanja 19 tsopano amasunga chimanga m'matumba osalowa mpweya. Enawo amati matumbawo ndi odula, ndipo yankho ndilibe. Ndikufuna kukaphunzira kasungidwe ka mbewu zikakololedwa, makamaka njira zotsika mtengo zoumitsira ndi kuyezera chinyontho. Ndikabwerako ndidzayamba ndi alangizi anzanga a m'dera lathu, kuti tiziyeza chimanga pakhomo lililonse matumba asanasokedwe.”

Mukuona kuti alimi zikwizikwi aja anasanduka mabanja 43. Nambala imeneyo inachokera m'kaundula wa makalabu, ndipo ndinkadziwa kuti abwana anga, amene analemba kalata ya umboni, atchula yomweyo. Kanema amaonedwa limodzi ndi fomu ndi makalata, ndiye nambala zikasemphana wosankhayo amayamba kukayikira zonse. Mukuonanso kuti palibe pamene ndinanena kuti ndine wakhama kapena wachilungamo. Aphunzitsi anati botolo la pa njinga ndi limene linene zimenezo. Chiganizo chakuti yankho ndilibe tinakangana nacho masiku awiri, koma ndinachisunga chifukwa ndicho chifukwa chenicheni chofunira sukulu. Nanga munthu wodziwa kale zonse akakaphunzirenji? Cholinga chothetsa njala m'dziko lonse nacho tinachichepetsa mpaka chinakhala ntchito imene ndingaiyambe sabata yoyamba nditafika.

Pomasulira ndinachotsa mawu onse a Chingerezi amene lilime langa limapunthwa nawo, ndipo chiganizo chilichonse chimene sindinkachimaliza ndi mpweya umodzi ndinachidula pawiri. Ulendo uno sindinamate pepala. Ndinaloweza mfundo zisanu zokha motsatana, kuti Ntcheu, matumba, botolo, sukulu, kubwerera, ndipo ndinkazibwereza ndili pa njinga kwa sabata yathunthu mpaka mawu anakhazikika okha.

Tinajambula m'kalasi ina Loweruka m'mawa, chigayo cha pafupi chisanayambe kulira, chifukwa phokoso limawononga kanema kuposa chithunzi chosaoneka bwino. Mng'ono wanga anaika foni chopingasa pa mulu wa mabuku mpaka kamera inalingana ndi maso anga, pa mtunda wa mikono iwiri kuti mawu amveke. Poyamba ndinakhala chofulatira zenera ndipo nkhope inada bii, ndiye tinatembenuka kuti kuwala kuzindimenya kumaso. Anandiuza kuti, “Achemwali, muziyang'ana kabowo ka kamera, osati nkhope yanu pa galasi,” ndipo anamata kapepala kofiira pafupi ndi kabowoko kuti maso asasochere. Tinajambula kasanu ndi kawiri. Wachisanu ndi chiwiri anali wosalala kwambiri, koma mawu anali atazizira chifukwa chobwereza. Tinasankha wachinayi, amene ndinapuma pang'ono nditatchula matumba asanu aja, ndipo anatha pa sekondi 57.

Wina anafunsa m'ndemanga ngati ndinatumiza kanemayo kudzera pa WhatsApp kwa munthu wa kompyuta. Ayi, chifukwa kanema akatumizidwa mwachizolowezi pamenepo amachepetsedwa ndipo saonekanso bwino ngati poyamba. Tinagwiritsa ntchito chingwe, n'kuonetsetsa kuti fayilo ndi ya MP4 monga anafunira, ndipo ndinaitumiza kutatsala masiku atatu kuti nthawi yotumizira ithe, usiku, nthawi imene netiweki imakoka bwino kwathu.

Ndisanatumize ndinapita kwa amayi, popeza nkhani ya chimanga chawo sikanayenera kupita kwa alendo iwo asanavomere. Ndinawawerengera pepala la Chichewa lija ali pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati matumba anali 14 ndithu, koma lachisanu sanalitaye lonse, theka anapatsa nkhuku, ndipo anandilola kutumiza. Patapita masabata asanu ndi awiri ndinalandira imelo yondiitana ku mafunso a pamaso ndi pamaso, ndipo funso loyamba limene anandifunsa linali la mabanja 24 amene sanagule matumba aja. Zimene ndinayankha, ndi za ulendo wa ku Lilongwe umene minibasi inatifera pa Dedza, ndidzafotokoza m'gawo lakhumi.